CODEOWNERS ikuitana tonse m'malo moitana eni ake a malipiro

Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Amene mumagwiritsa ntchito GitHub ndithandizeniko. Kuntchito kwathu kuno ku Chipata tikupanga pulogalamu yolembera alimi amene timawagula nshawa ndi soya, n'kuwalipira kudzera pa foni. Olemba khodi tilipo 7. Tinaika fayilo ya CODEOWNERS kuti wina akatsegula `pull request` yokhudza malipiro, aziitanidwa okhawo awiri amene amadziwa za ndalama kuti awunike. Koma pempho lililonse likumaitana tonse, ngakhale munthu atangokonza chilembo chimodzi. Pano anthu atopa, maimelo aja sakuwatsegulanso. Sabata yatha pempho losintha kawerengedwe ka ndalama linavomerezedwa ndi mnzathu amene amapanga za mabatani pa sikirini. Fayilo yathu ndi iyi:

```
/malipiro/   @gulu-lathu/ndalama
/foni/       @gulu-lathu/apu
*.sql        @gulu-lathu/deta
*            @gulu-lathu/onse
```

Mabvuto: Fayiloyo ikuoneka bwinobwino kwa ine. GitHub imasankha mzere umene ukuloza ndendende, ndiye `/malipiro/` uyenera kupambana nyenyezi. Mwina munaiika malo olakwika. Ili mu foda iti?

Chisomo: Ili mu `.github/`, achimwene. Ndipo ikugwira, chifukwa pa pempho lililonse pakulembedwa kuti timu ya onse yaitanidwa `as a code owner`.

A Tembo: Malo ake ali bwino. GitHub imayang'ana mu `.github/` poyamba, ikapanda kupeza imayang'ana pamwamba pa ripo, kenako mu `docs/`, ndipo imatenga imene yayamba kuipeza. Vuto ndi zimene wanena Mabvuto zija, sizili choncho mphwanga. GitHub siyeza kuti ndi mzere uti umene ukuloza ndendende. Imatenga fayilo imodzi imene yasinthidwa, n'kuiyerekeza ndi mizere yonse, ndipo pa mizere imene yagwirizana nayo, wam'munsi kwambiri ndiwo umagamula. Ena onse apamwamba amatayidwa, eni ake saphatikizidwa ayi. Zili ngati pabwalo la milandu kumudzi, anthu alankhule chotani, mawu ogwira ndi a amene walankhula pomaliza.

Tsono taonani fayilo ya Chisomo. Wina wasintha `malipiro/tumiza.py`. Mzere woyamba ukugwirizana nayo, inde. Wachiwiri ayi, wachitatu ayi. Wachinayi ndi nyenyezi, ndipo nyenyezi imagwirizana ndi fayilo iliyonse mu ripo. Poti ili pansi pa yonse, ndi imene ikupambana nthawi zonse. Mizere itatu yapamwambayo siinagwirepo ntchito n'kamodzi komwe chiikireni. Kwezani nyenyeziyo ikhale mzere woyamba, zachindunji zizibwera m'munsi mwake.

Mabvuto: Aa, ine ndimaganiza zikuyenda ngati CSS, kumene cholunjika kwambiri chimapambana.

A Tembo: Kalembedwe kake anatengera ku `.gitignore`, kumenenso mzere wam'munsi umaposa wam'mwamba. Koma si zonse za kumeneko zimene zimagwira kuno. Kuika `!` kutsogolo kwa mzere kuti uchotse fayilo ina sikugwira, ngakhalenso zilembo za m'kati mwa `[ ]` sizigwira.

Dalitso: Pepani ndalowerera. Ndiye kuti ukalemba dzina lako mu fayiloyo, anzako sangathenso kusintha foda yako? Ine ndikufuna zimenezo ndithu. Pali mnzanga amene amalowa mu foda yanga usiku n'kusintha zinthu osandiuza.

Mayi Sakala: Kkkk Dalitso, iwe ukufuna loko. Fayiloyi si loko.

A Tembo: Ndi zoona zimene anena mayi. Aliyense amene ali ndi chilolezo cholemba mu ripo angathe kusintha fayilo iliyonse pa nthambi yake. CODEOWNERS payokha ntchito yake ndi kuitana basi: pempho likatsegulidwa, dzina lako limaikidwa pa `Reviewers` ndipo umalandira uthenga. Ukapanda kuyankha, pempholo likhoza kuphatikizidwa iwe osaonako. Ndipo ngati mnzakoyo amangokankhira zinthu zake ku `main` osatsegula pempho, fayiloyi siimuona n'komwe. Chimene chimamanga munthu manja chili ku `Settings`, pa malamulo otetezera nthambi. Pamenepo mumachonga `Require a pull request before merging`, ndipo pansi pake `Require review from Code Owners`. Zikatero pempho silingalowe mpaka mwini wa fayilo yosinthidwayo atavomereza.

Dalitso: Ooh. Ndiye ndikambirane ndi abwana, poti ku `Settings` ine sindifikako.

Chisomo: Zikomo a Tembo. Ndasintha, nyenyezi ndaiika pamwamba:

```
*            @gulu-lathu/onse
/malipiro/   @gulu-lathu/ndalama
/foni/       @gulu-lathu/apu
*.sql        @gulu-lathu/deta
```

Ndapanga nthambi yatsopano, ndakonza fayiloyi, ndipo kuti ndiyese ndasinthanso kamzere kamodzi mu `malipiro/tumiza.py`. Ndatsegula pempho, koma yaitananso tonse. Kodi pali china chimene chatsala?

Mabvuto: Ichi chokha ndikuchidziwa bwino. GitHub siwerenga CODEOWNERS ya pa nthambi yako, imawerenga ya pa nthambi imene pempho likupita. Iwe ukupita ku `main`, ndipo ku `main` kudakali fayilo yakale ija ya nyenyezi pansi. Phatikiza kaye kusinthako, kenako utsegule pempho lina loyesera.

A Tembo: Apa Mabvuto walasa. Ndipo n'chanzeru kuti zili choncho. Ikanamawerenga ya pa nthambi ya wopempha, munthu akanangofufuta dzina la mwini mu pempho lomwelo n'kudutsa popanda womuona. Chotsatira chake n'chakuti nthambi iliyonse ili ndi CODEOWNERS yake. Ngati kwanuko mapempho amayamba apita ku `develop` asanafike ku `main`, fayilo yokonzedwayo iyenera kukhala konsekonse. Mukakonza ku `main` kokha, mapempho opita ku `develop` adzayendabe ndi yakale.

Koma usanaphatikize, Chisomo, yang'ananso mzere wa `*.sql`. Kodi mu foda ya malipiro mulibe mafayilo a SQL?

Chisomo: Alimo. Muli foda ya `malipiro/matebulo/`, mmene timasungamo zosintha matebulo a ndalama za alimi.

A Tembo: Ndiye tiyeni tiyende nalo pempho limodzi mwa chitsanzo, ndi fayilo yako yatsopanoyi. Tinene kuti wina wasintha mafayilo atatu: `README.md`, `malipiro/tumiza.py` ndi `malipiro/matebulo/003_mtengo.sql`. GitHub imaweruza iliyonse payokha.

`README.md` ikugwirizana ndi nyenyezi yokha, ndiye mwini wake ndi timu ya onse. `malipiro/tumiza.py` ikugwirizana ndi nyenyezi komanso `/malipiro/`, wam'munsi ndi `/malipiro/`, ndiye yapita kwa a ndalama monga ukufunira. Yachitatuyo ndi imene ili ndi msampha. Ikugwirizana ndi nyenyezi, ikugwirizana ndi `/malipiro/`, ikugwirizananso ndi `*.sql`, ndipo `*.sql` ndiye ali pansi. Mwini wake ndi timu ya deta yokha. Pa pempho ili simudzazindikira kanthu, chifukwa a ndalama aitanidwa kale kaamba ka `tumiza.py`. Koma tsiku limene wina adzasinthe fayilo ya SQL yokhayo, mwina kusintha tebulo losunga mtengo wa kilo, a ndalama sadzamva chilichonse. Ndipo kusintha kwa mtundu umenewo ndi kumene mukufuna kuti aone.

Kukonza kwake ndi kuwonjezera mzere wina pansi penipeni, wokhala ndi matimu onse awiri:

```
*                     @gulu-lathu/onse
/malipiro/            @gulu-lathu/ndalama
/foni/                @gulu-lathu/apu
*.sql                 @gulu-lathu/deta
/malipiro/matebulo/   @gulu-lathu/ndalama @gulu-lathu/deta
```

Eni awiri a chinthu chimodzi ayenera kukhala pa mzere umodzi. Ukalemba `/malipiro/matebulo/` kawiri, mzere wina wa a ndalama, wina wa a deta, wam'munsiwo udzameza wam'mwamba monga inachitira nyenyezi ija.

Mabvuto: Ndiye pamenepo onse awiri ayenera kuvomereza, eti? Wa ndalama ndi wa deta.

A Tembo: Ayi. Onse awiri amaitanidwa, koma ngati lamulo lija la `Require review from Code Owners` lili loyatsa, mmodzi yekha mwa olembedwa pa mzerewo akavomereza, fayiloyo yakwanira. Wa deta akavomereza m'mawa, batani lophatikizira latseguka ngakhale wa ndalama asanaone. Chimene chimafuna anthu osiyana ndi pempho lokhudza mafayilo a eni osiyana, ngati chitsanzo chathu chija: `tumiza.py` singadutse popanda wa ndalama, chifukwa pa mzere wake palibe wina.

Mabvuto: Nanga tikakweza chiwerengero cha ovomereza kufika pa 2?

A Tembo: Chiwerengerocho chimangowerenga mitu. Wa deta mmodzi ndi wina aliyense wokhala ndi chilolezo cholemba akwanitsa 2, wa ndalama palibe. Ngati kwa inu chachikulu n'chakuti wa ndalama asalumphidwe, pa mzere womalizawo lembani timu ya ndalama yokha, ndipo a deta muziwaitana pamanja. Ine ndikanatero.

Chisomo: Mmm. A deta athu sangakondwe nazo, iwo ndi amene amadzuka usiku tebulo likasokonekera. Ndisiya matimu onse awiri kaye.

Mayi Sakala: Ndifunseko zanga pomwepa. Ine kuno ku Katete ndili ndi ka ripo kanga, tikugwira awiri ndi mwana wa achemwali anga amene akuphunzira. Ndinalemba CODEOWNERS ya mzere umodzi wokha, nyenyezi ndi dzina langa, kuti akatsegula pempho ndiziitanidwa. Palibe chimachitika. Vuto la mizere silingakhalepo poti mzere ndi umodzi.

Yohane: Mayi, mwanayo satsegula ngati `Draft`? Ophunzira ambiri amakonda zimenezo poopa kuti ntchito sinathe.

Mayi Sakala: Nthawi zina amatero, koma osati nthawi zonse.

A Tembo: Funso la Yohane ndi loyenera. Pempho likakhala `Draft` eni ake saitanidwa, amaitanidwa pamene wopemphayo wadina `Ready for review`. Koma poti mwati si nthawi zonse, ndikufunseni zina mayi: ripo yanu ndi yobisika kapena yoonekera kwa onse, ndipo akaunti yanu ndi yaulere?

Mayi Sakala: Yobisika, ndipo sindilipira kalikonse.

A Tembo: Ndi pamenepo. Pa akaunti yaulere CODEOWNERS imagwira pa ripo yoonekera kwa onse yokha. Pa yobisika pamafunika GitHub Pro, kapena Team ngati ndi bungwe. Fayilo yanu ilibe cholakwika, kungoti sikuwerengedwa.

Mayi Sakala: Ndilipire madola chifukwa cha anthu awiri? Azingondisankha yekha pa `Reviewers`, dzina langa ndi limodzi lomwelo.

Yohane: Ife kuntchito tili pa GitLab, nakonso fayilo ya dzina lomweli iliko, ndipo ndi ya olipira. Koma musakopere ya kumeneko n'kuiika ku GitHub. Kwathu timagawa fayiloyo m'zigawo ndi mitu yolembedwa ngati `[Malipiro]`, ndipo chigawo chilichonse chimaweruzidwa pachokha. GitHub mitu imeneyo siidziwa.

Chisomo: Ndabweranso. Magetsi anapita, ndangoyatsa kumene laputopu. Ndaphatikiza ku `main`, ndatsegula mapempho awiri oyesera. La `tumiza.py` laitana a ndalama okha, zikomo kwambiri. Koma la fayilo ya SQL ya mu `malipoti/`, imene iyenera kupita kwa a deta, silinaitane aliyense. Pa `Reviewers` palibe dzina ngakhale limodzi.

Mabvuto: Unalemba dzina la timu molondola? Kapena zilembo zazikulu ndi zazing'ono?

A Tembo: Za zilembozo n'zoona pa njira za mafoda: `/Malipiro/` ndi `/malipiro/` kwa GitHub ndi zinthu ziwiri, ngakhale pa laputopu ya Windows zimaoneka ngati chimodzi. Koma tisaganizire. Chisomo, tsegula fayilo ya CODEOWNERS pa GitHub pomwepo, pa nthambi ya `main`. Pamwamba pake imanena ngati fayiloyo ili bwino kapena ili ndi zolakwika, ndipo imaonetsa mzere wake. Ngati uli ndi `gh` pa kompyuta, izinso zimatulutsa zomwezo, ungoika dzina la bungwe ndi la ripo yanu:

```
gh api repos/OWNER/REPO/codeowners/errors
```

Chisomo: Yalemba `Unknown owner` pa mzere 4 ndi mzere 5. Ponse pawiri ndi `@gulu-lathu/deta`. Koma timuyo ilipo, ndikuiona, ndipo anthu ake awiri amakankha khodi tsiku ndi tsiku.

A Tembo: Amakankha chifukwa chilolezo cholemba ali nacho kudzera kwina, mwina kudzera mu timu ya onse. Koma ukalemba timu mu CODEOWNERS, timuyo payokha iyenera kupatsidwa `Write` pa ripo imeneyo, ngakhale aliyense wa m'timumo ali nacho kale mwa njira ina. Iyeneranso kukhala `Visible`, osati `Secret`. Pita ku `Settings` ya ripo, pa `Collaborators and teams`, uone ngati timu ya deta ilipo ndiponso yapatsidwa chiyani. Cholakwikachi chinalipo kuyambira kale, kungoti nyenyezi ya pansi ija imachibisa, poti mzere wa `*.sql` sunkafikiridwa.

Chisomo: Inali pa `Read`. Amene ali ndi mphamvu pa ripo asintha, ndipo uthenga wa cholakwika uja wachoka. Ndatsegula pempho latsopano, a deta aitanidwa.

Dalitso: Inu a Tembo, zonsezi munaziphunzira kuti? Chinthuchi n'chatsopano?

A Tembo: Si chatsopano, GitHub inachibweretsa mu 2017, potengera mafayilo a OWNERS amene a Chromium ankagwiritsa ntchito kale. Chisomo, kanthu kena kakang'ono kokuthandiza poyesa: pa `Files changed`, fayilo yokhala ndi mwini imakhala ndi kachizindikiro ka chishango pafupi ndi dzina lake. Ukaikapo mausi kamakuuza mwini wake. Ndi njira yachangu yoonera ngati mzere umene ukuuganizira ndi umenedi wagwira.

Ndipo kamzere kopendekera ka kutsogolo kaja usakachotse. `/foni/` ndi foda ya pamwamba pa ripo yokha pamodzi ndi zonse za m'kati mwake. `foni/` wopanda kamzere kutsogolo amagwira foda iliyonse ya dzina limenelo, kulikonse kumene ili. Mukadzapanga `malipiro/foni/` yosungira zotumiza ndalama pa foni, mzere wopanda kamzerewo ukhoza kuilanda kwa a ndalama n'kuipereka kwa a apu, poti uli m'munsi mwa `/malipiro/`.

Mabvuto: Ine nyenyezi yoitana onseyo ndi imene sindikuikonda. Mwakonza za malipiro, koma wina akagwira `README.md` anthu 7 alandirabe uthenga. Bwanji osaichotseratu?

A Tembo: Ukhoza kuichotsa, palibe lamulo loti ikhalepo. Kungoti fayilo iliyonse yosatchulidwa idzakhala yopanda mwini, ndipo foda yatsopano imene wina adzapange mawa sidzaitana aliyense mpaka mutakumbukira kuilemba. Njira ina ndi kuisiya nyenyeziyo, koma ku `Settings` ya timu ya onse, pa `Code review`, muyatse `Enable auto assignment`. Timu ikaitanidwa, GitHub imasankhapo munthu mmodzi kapena awiri monga mwaikira, mosinthanasinthana kapena poona amene wapatsidwa zochepa posachedwapa.

Mabvuto: Ndiye tsiku lina isankhe munthu amene sadziwa kanthu za fayiloyo. Kwa ine bola kulemba mayina a anthu, osati matimu. Munthu akaona dzina lake amadziwa kuti ndi iyeyo, za timu aliyense amati mnzanga aona.

Mayi Sakala: Mpaka munthuyo adzasiye ntchito apite ku Lusaka, dzina lake litsale mu fayilo miyezi, palibe wokumbukira.

Mabvuto: Akachoka mumasintha mzere umodzi, mayi. Si ntchito yaikulu.

A Tembo: Zonse zimatheka, ine ndimakonda matimu koma sindilimbana nawe. Chokhacho, ukalemba mayina usalembe limodzi lokha pa mzere. Wotsegula pempho saitanidwa kuti adziwunike, ndipo sangavomereze pempho lake lomwe. Ngati mwini wa `/malipiro/` ndi munthu mmodzi, tsiku limene iyeyo wasintha malipiro palibe woitanidwa. Chomaliza kwa Chisomo: fayilo ya CODEOWNERS nayonso ipatseni mwini. Pakali pano ili pansi pa nyenyezi, kutanthauza kuti aliyense mwa 7 angavomereze pempho lochotsa a ndalama pa mzere wawo. Onjezani pansi mzere ngati uwu, muike timu ya amene amatsogolera:

```
/.github/CODEOWNERS   @gulu-lathu/atsogoleri
```

Chisomo: Ndawonjezera, ndipo ulendo uno ndayamba ndaona kuti timuyo ili ndi `Write`. Chatsala ndi lamulo lija lokakamiza. Ndikuopa kuliyatsa. A ndalama athu ndi awiri, ndipo nyengo yogula ikafika mmodzi amakhala m'midzi ya ku Lundazi ndi ku Chadiza masiku angapo, kumene netiweki imavuta. Winayo akalemba chokonza chachangu, avomereze ndani? Alimi amakhala akudikira ndalama pa sikelo.

Yohane: Yatsani, koma mulole mtsogoleri mmodzi kuti azitha kulumpha lamulolo zikavuta. Malamulo otetezera nthambi amalola zimenezo.

Mabvuto: Akalumpha kamodzi adzazolowera. Bola muphunzitse munthu wachitatu za malipiro, alowe mu timu ya ndalama.

Chisomo: Wachitatuyo ndiye tilibe, aliyense ali ndi zake zomuchulukira. Ndikazitula pa msonkhano wa Lolemba, abwana akasankhe okha. Pakali pano lamulolo ndalisiya lozimitsa, fayilo izingoitana. A Tembo, `Enable auto assignment` ija, munthu amene wapita kumudzi tingamuchotse bwanji kuti isamamusankhe?

A Tembo: Pa tsamba lomwelo pali `Never assign certain team members`, mumachonga n'kusankha dzina lake, akabwerako mumamubwezera. Kapena iye mwini aike `Busy` pa akaunti yake asananyamuke, GitHub siisankha munthu amene wadziika choncho. Koma izi zikuthandizani pa timu ya onse. Pa timu ya ndalama ya anthu awiri musaziyatse, asiyeni aziitanidwa onse awiri.